Funso lokhudza ATP ndi NADPH mu kayendedwe ka Calvin

Anzanga odziwa bwino za sayansi ya zomera, ndikupempha thandizo lanu pa nkhani ya fotosinthesisi. Ndikumvetsa kuti kuwala kukagwera pa khungu la thayilakoidi, madzi amagawanika n'kutulutsa mpweya wa okosijeni, ndipo maelekitironi amayenda kuchokera ku PSII kupita ku PSI mpaka NADPH ipangike, pomwe mapulotoni odzadzana m'kati mwa thayilakoidi amathandiza kupanga ATP.

Chimene chikundizunguza mutu ndi kuwerengera kwake. Kuti CO2 zitatu zipereke G3P imodzi, pamafunika ATP 9 ndi NADPH 6. NADPH yonseyo imathera posandutsa 3-PGA kukhala G3P pamodzi ndi ATP 6, pamene ATP 3 zotsalazo zimabwezeretsa RuBP. Nanga popeza njira yolunjika ya maelekitironi siikwanitsa ATP zitatu pa NADPH ziwiri zilizonse, kodi zoperewerazo zimachokera kuti? Ndikuganizira njira yozungulira ya pa PSI, imene siipanga NADPH kapena okosijeni, koma kodi chomera chimadziwa bwanji nthawi yoyenera kuigwiritsa ntchito?