Bambo akunyumba akutuluka thukuta usiku ndi kutsokomola: ndi kutentha kwa kuchigwa kuno kapena ndi matenda?

Wofunsa:
Oyang'anira gulu, chonde ndibiseni dzina. Ndili mbali ya ku Ngabu. Bambo akunyumba ndi asodzi, amathera masiku kudambo. Ayamba kutsokomola tsopano wakwana mwezi. Tinkati ndi utsi wowambira nsomba, ndiye anagula amokisilini pagolosale. Chifuwa chinachepa pang'ono n'kuyambiranso. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi thukuta la usiku. Amadzuka malaya ali chonyowa ngati awachapa, mpaka kuvula n'kusintha. Iwo akuti ndi kutentha basi, pajatu kuno Okutobala aliyense amagona pakhonde. Koma thupi likutha, lamba aboola bowo lina ndi msomali, ndipo nsima akungoigwira mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Malungo anayezetsa, sanawapeze. Apongozi akuti ndi tsempho, tipite kwa asing'anga. Tili ndi mwana wa zaka zitatu amene amagona nafe. Ndithandizeni nzeru abale.

Bambo wa ku Nchalo:
Mayi, kunotu thukuta si nkhani. Ine ndimagona ndi chidebe cha madzi pambali. Ngati sakulavula magazi chimenecho si chifuwa chachikulu, apatseni tangawizi ndi ndimu.

Namwino wa ku Nsanje:
Achimwene a ku Nchalo, pamenepo ndakana. Ambiri omwe timawapeza ndi chifuwa chachikulu sanalavulepo magazi ngakhale kadontho. Kudikira magazi ndi kudikira kuti mapapo awonongeke kaye.

Mayi, ndikufunseni: inuyo mumagona pamphasa yomweyo, kodi mumanyowa chimodzimodzi? Thukuta la kutentha limagwira nyumba yonse, ndipo mbandakucha kukayamba kamphepo limaleka. La matendali limagwira munthu mmodzi, limabwera ngakhale usiku woti kwazizira, ndipo kawirikawiri munthuyo amakhala kuti madzulo thupi linatentha pang'ono. Kutentha kwa dzuwa sikuchititsa munthu kuboola lamba. Chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta la usiku ndi kuonda zikakumana mwa munthu mmodzi, ife timayeza makhololo tsiku lomwelo. Sindikunena kuti ali nacho ayi, poti shuga nayenso amaondetsa, koma zimenezi sizidziwika ndi maso. Kuyeza ndi mankhwala omwe ndi zaulere kuchipatala cha boma.

Wofunsa:
Ine sindinyowa chotero amayi, ngakhale mwana. Ndiye akapita akanene kuti chiyani? Ulendo wa malungo uja anangobwera ndi panado.

Namwino wa ku Nsanje:
Kawirikawiri zimatero munthu akangonena kuti "thupi likuphwanya". Akatchule zonse zitatu ndi nthawi yake: mwezi wathunthu akutsokomola, akusintha malaya usiku, zovala zakula. Anenenso kuti anamwa amokisilini koma sizinathe, ndipo asagulenso makapisozi ena. Alipo ena, monga sipuro, amene amachigonetsa chifuwachi kwa kanthawi n'kusokoneza zotsatira.

Adzawapatsa kabotolo. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, amabweretsa malovu. Tikufuna makhololo ochokera pansi pa chifuwa. Atsuke m'kamwa ndi madzi, apite panja kutali ndi anthu, akoke mpweya kwambiri katatu, kenako atsokomole mwamphamvu n'kulavulira m'kabotolomo, okwana ngati sipuni yaing'ono ya tiyi. A m'mamawa munthu atangodzuka ndiwo amatuluka bwino. Makina oyezera makhololo a GeneXpert amatenga pafupifupi maola awiri, ndipo amaonetsanso ngati tizilombo ta chifuwachi ndi tosamva mankhwala. Koma ngati chipatala chanu chaching'ono chimatumiza makhololo kwina, zotsatira zimatenga masiku, ndiye asiye nambala ya foni yogwira ndipo afunse tsiku lobwerera. Asapite kudambo asanamve.

Mayi wa ku Bangula:
Ine chinandigwira chimenechi. Makhololo oyamba sanapeze kanthu, ndinabwerera kunyumba ndikusangalala, koma thukuta silinasiye. Nditapitanso anandijambula pachifuwa, ndi pamene anachiona. Ndiye akakuuzani kuti mulibe koma bambowo akupitirira kuonda, bwereraninso, musachite manyazi. Mankhwala ndinamwa miyezi isanu ndi umodzi. Mkodzo unasanduka wofiirira ngati fanta, ndinachita mantha, koma anandiuza kuti ndi mmene amachitira mankhwalawo. Njala yake ndiye musanene, konzekani ufa.

Mnyamata wa ku Makhanga:
Inenso ndimatuluka thukuta kwambiri ndikamapalasa kabaza, nanga ndili nacho?

Mayi wa ku Bangula:
Iwe werenga bwino, akunena za usiku munthu ali gone.

Gogo wa ku Chikwawa:
Mwanawe, apongozi ako usawanyoze, tsempho tinaliona ndi maso athu. Koma poyamba mupatulire mwamunayo mbale, kapu ndi sipuni yake, ndipo mwana asadye naye.

Namwino wa ku Nsanje:
Agogo, zoteteza mwanazo mwalondola, koma mbale si njira yake. Tizilomboti timayenda mumpweya munthu akatsokomola, ndiye choopsa ndi chipinda chotseka mawindo, osati kapu. Kugona pakhonde kwa nyengo inoyi kukuthandizani. Mwana agone kwina pakadali pano, bambo azitseka pakamwa ndi kansalu potsokomola, masana zitseko zikhale zotsegula. Bambo akapezeka nacho, nonse a m'nyumbamo mukapimidwe. Mwana wosakwana zaka zisanu, ngakhale akuoneka wathanzi, amapatsidwa mankhwala oteteza, chifukwa mwa ana aang'ono matendawa amatha kufika ku ubongo. Munthu akamwa mankhwala bwinobwino kwa masabata awiri, mwayi wopatsira ena umatsika kwambiri.

Za tsempho sindilimbana ndi akuluakulu. Ndingopempha kuti makhololo atsogole. Ndipo akayamba mankhwala a kuchipatala asaphatikize ndi azitsamba, poti onsewo amalemetsa chiwindi. Maso akasanduka achikasu kapena akamasanza kwambiri, abwerere kuchipatala msanga.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndawawerengera zimenezi madzulo ano. Vuto lenileni latuluka tsopano: akuti akapita akawayeza magazi mokakamiza, ndipo anthu kudoko azidzati ali ndi kachilombo. Akutinso miyezi isanu ndi umodzi osapha nsomba tidya chiyani.

Namwino wa ku Nsanje:
Za HIV adzawafunsa ndithu, aliyense woganiziridwa chifuwachi timamupempha, chifukwa awiriwa amayendera limodzi kawirikawiri ndipo chithandizo chimasintha munthu akakhala ndi zonse ziwiri. Koma sitigwira munthu mkono mokakamiza, ndipo makhololo timayeza ngakhale akane zamagazizo. Alipo ambiri odwala chifuwa chachikulu omwe alibe kachilomboko. Mukapita limodzi n'kuyezetsa nonse awiri, abambo ambiri mtima umakhala pansi.

Za ntchito, sikuti agona miyezi yonseyo. Miyezi iwiri yoyamba amamwa mapiritsi okhala ndi mankhwala anayi, kuchuluka kwake molingana ndi sikelo, kenako miyezi inayi ya mankhwala awiri. Ambiri mphamvu zimabwerera m'miyezi yoyambirira yomweyo. Asodzi amativuta pamenepo, akangopeza bwino amalowa kudambo mapiritsi n'kuwasiya kumudzi, ndipo chifuwa chikabwerera chimatha kubwera chosamva mankhwala. Akambirane ndi achipatala za masiku okatenga mankhwala asananyamuke.

Bambo wa ku Nchalo:
Koma azibambofe kutiuza mkazi kuti tiye kuchipatala zimavuta. Tumani malume awo kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu.

Wofunsa:
Malume awo ndi omwe akugwirizana ndi apongozi za asing'angazo. Mawa ndikayesa kwa alangizi. Kodi iwo angathe kubwera ndi kabotoloko kunyumba kuno, kapena mpaka mwini wake akaonekere kuchipatala?