Ndithandizeni kukonza yankho ili lisanapite kwa kasitomala

Nachisale_LL: Akuluakulu amene mumagwira ntchito yoyankha makasitomala, ndithandizeni. Ndili kumbali ya mameseji pa kampani ina ya mafoni. Bambo wina, tingowatchula kuti a Banda, alemba mu inibokosi kuti Lolemba m'mawa anagula bandulo ya mwezi ya K10,000 kudzera pa akaunti ya ndalama ya pafoni. Ndalama inadulidwa, bandulo sinalowe. Iwo osadziwa, anapitiriza kugwiritsa ntchito intaneti mpaka mayunitsi awo a K1,500 anatha. Atumiza nambala yawo ndi meseji yosonyeza kuti ndalama inachoka. Akwiya zedi. Ndinalemba chonchi, koma oyang'anira andibwezera:

"Okondedwa kasitomala, zikomo chifukwa cholumikizana nafe, ndife okondwa kukutumikirani nthawi zonse. Tikupepesa pa vuto lililonse lomwe lingakhalepo. Dziwani kuti nthawi zina sisitimu imachedwa chifukwa cha netiweki kapena mwina simunamalize bwino ndondomeko yogulira, komanso timalimbikitsa makasitomala kuona balansi asanayatse deta. Nkhani yanu tayitumiza kwa oyenerera ndipo adzakuyankhani posachedwa. Chonde titumizireni nambala yanu ndi zina zonse. Mungathenso kuzimitsa foni ndi kuyatsanso kapena kupita ku shopu yathu ili pafupi nanu. Zikomo posankha ife."

Ndichotse ziti, ndisiye ziti?

Chimwemwe Jr: Yatalika basi. Dulani pakati, musiye "pepani, tikukonza, tikuyankhani posachedwa". Munthu wokwiya sawerenga ndime yonseyo.

Mayi Nyirenda: Kutalika kulipodi a Chimwemwe, koma mukadula choncho mutsala ndi meseji yaifupi yosanena kanthu. Achemwali, musanakhudze chiganizo chilichonse, tsegulani kaye nkhaniyo pa kompyuta. Yankho lanu likuzungulira chifukwa munalemba musanadziwe chimene chinachitika, n'chifukwa chake mwadzaza "mwina" ndi "nthawi zina".

Tengani Transaction ID ili mu meseji imene a Banda atumiza, muone mbali ziwiri: ku akaunti ya ndalama, ndi kumene bandulo imalowera. Ngati ndalama inachoka koma ku bandulo kwalembedwa Failed, ndiye kuti ndalama iyenera kubwezedwa, ndipo yankho lanu ndi la tsiku limene ibwerere. Ngati kwalembedwa Pending, bandulo ikhoza kulowabe yokha, ndiye muwauze kuti asagulenso, kuopa kuti akhala ndi mabandulo awiri ndi dandaulo latsopano. Ngati kwalembedwa Successful, onani nambala imene inalandira. Kawirikawiri mupeza kuti munthu anasankha zogulira nambala ina n'kulakwitsa nambala imodzi. Mayankho atatu amenewa ndi osiyana kotheratu, simungawaphatikize mu meseji imodzi. Mwapeza chiyani?

Nachisale_LL: Ndaona. Ndalama inachoka 07:42, ku bandulo kwalembedwa Failed. Pempho lobweza ndalama ndalilowetsa lero Lachiwiri, tikiti yake ndi 48213. Kwathu kuno amati kubweza kotere kumatenga maola osapitirira 48. Za mayunitsi ndilibe mphamvu, amavomereza ndi a gawo la mabilu.

Mayi Nyirenda: Ndiye muli ndi zonse zofunika, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chinali mu yankho lanu loyamba. Ine ndingalembe chonchi:

"A Banda, pepani kuti K10,000 yanu inadulidwa Lolemba m'mawa bandulo osalowa. Tafufuza ndipo taona kuti ndalama inachokadi koma bandulo inakanika kulowa. Vuto silinali kwa inu.

Ndalamayi ibwerera ku akaunti yanu pofika Lachinayi 5 koloko madzulo, ndipo mudzalandira meseji ikalowa. Pakadali pano thimitsani deta pa foni yanu mpaka mutagula bandulo ina, kuti mayunitsi asadyekenso.

Za mayunitsi anu a K1,500, tapempha a gawo la mabilu kuti aunike. Tidzakuuzani chimene agamula pofika tsiku lomwelo la Lachinayi.

Nambala ya dandaulo lanu ndi 48213. Ndalama ikapanda kufika pa nthawi imeneyi, tiyankheni pomwe pano ndi nambala imeneyi, simufunika kufotokozanso. Ndine Nachisale."

Onani chiganizo choyamba. Chikutchula ndalama yawo ndi tsiku lawo, ndiye bamboyo akudziwa nthawi yomweyo kuti munthu wawerenga dandaulo lake. "Vuto lililonse lomwe lingakhalepo" limamveka ngati simukukhulupirira kuti vuto lilipo, pamene iye ndalama yake yapita. Ndachotsanso "mwina simunamalize bwino ndondomeko", chifukwa kompyuta yanu yomwe yasonyeza kuti anamaliza bwino. Kumuganizira munthu cholakwa chimene sanachite ndi kumene kumachititsa kuti ajambule meseji yanu n'kuyiponya pa tsamba la kampani kuti dziko lonse lione.

Chokwiyitsa kwambiri ndi chija choti "titumizireni nambala yanu ndi zina zonse". Anatumiza kale. Ndipo "zina zonse" ndi chiyani? Ngati pali chimene chikusowadi, chitchuleni ndi dzina lake, chimodzi kapena ziwiri, mwachitsanzo nthawi imene anagula ndi nambala imene inalipira.

Che Mussa: Ndiwonjezere pa "zina zonse" zomwezo. Mawu amenewa ndi oopsa. Agogo ena akawerenga choncho amatumiza chithunzi cha chiphaso, mpaka pini ya akaunti, poganiza kuti zifulumizitsa. Ndipo akuba apafoni amatsata anthu amene adandaula poyera. Akaona munthu walemba nambala yake pansi pa positi, amamuimbira n'kunena kuti ndi a kampani, atchule pini kuti ndalama ibwerere. Ndiye pa nkhani iliyonse yobweza ndalama onjezerani mzere umodzi: "Sitidzakufunsani pini yanu, ndipo simulipira kalikonse kuti ndalama ibwerere." Dandaulo likakhala la poyera, inu musabwereze nambala ya munthu kapena kuchuluka kwa ndalama pamenepo. Yankhani mwachidule kuti mwalandira, zina zonse mukakambirane mu inibokosi.

Esnart wa ku Area 25: Inenso yanga ya sabata inatha masiku awiri okha, ndangoonera mavidiyo pang'ono. Mungandionereko? Nditumize nambala pompano?

Che Mussa: Ayi mayi, musatumize. Lino ndi gulu chabe, si ofesi, ndipo n'zimene ndangochenjeza kumene. Yambani mwaona mu foni mwanu pa Data usage kuti ndi pulogalamu iti yadya kwambiri, kenako muimbire kampani yanu ndipo mupemphe nambala ya dandaulo.

Gift K.: Ine sindikugwirizana ndi mawu oti "vuto silinali kwa inu". Kumeneko n'kuvomera mlandu m'dzina la kampani. Mawa munthuyo akafuna chipukuta misozi, adzatulutsa meseji yomweyo. Kuli bwino kunena kuti tikufufuza.

Mayi Nyirenda: A Gift, mukanakhala olondola chikhala kuti sitikudziwa. Ngati nkhani ikadali Pending kapena simunaone kanthu, inde musagamule, nenani kuti mukufufuza ndipo mupereke tsiku. Koma pano zolemba za kampani zikusonyeza Failed ndipo pempho lobweza ndalama lalowa kale. Kubweza ndalamako n'kuvomera kale. Kunena kuti "tikufufuza" pamene mwamaliza kufufuza n'kumusunga munthu mumdima popanda chifukwa, ndipo mawa aimbanso, wina amutsegulire tikiti yachiwiri.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa mayunitsi. Mwaona kuti sindinalembe kuti abwezedwa. Achemwaliwa alibe mphamvu imeneyo, ndiye alonjeze chimene angakwanitse okha, chomwe ndi kubweretsa yankho pa tsiku lakuti. Mukasakaniza nkhani ziwirizi n'kulemba kuti "ndalama zanu zibwezedwa", bamboyo awerengera K11,500. Lachinayi ikalowa K10,000 yokha, kwa iye mwanama.

Gift K.: Za mayunitsi ndamva. Koma chiganizo chijacho ine ndikanafunsa kaye oyang'anira, makampani ena amaletseratu. "Bandulo inakanika kulowa kumbali yathu" bwenzi zikukwanira.

Chimwemwe Jr: Nanga bwanji osangolemba "m'maola 48" monga amanenera ku ofesiko? Kutchula Lachinayi 5 koloko si kudzimangirira?

Che Mussa: Maola 48 kuyambira liti? Kasitomala awerengera kuyambira Lolemba pamene anagula, inu mukuwerengera kuyambira Lachiwiri pamene tikiti yatsegulidwa. Lachitatu m'mawa iye ayamba kale kulalata. Tsiku ndi ola zimatseka mkangano umenewo. Chofunika n'kufunsa ngati maolawo akuwerengera Loweruka, Lamulungu ndi maholide. Tikiti yotsegulidwa Lachisanu madzulo ikhoza kufika Lachiwiri ngati amawerenga masiku a ntchito okha. Perekani tsiku lakumapeto kwenikweni, osati limene mukuyembekezera. Ndipo dziikireni chikumbutso Lachinayi masana. Mukaona kuti ndalama sinalowe, lembani ndinu bamboyo asanalembe, mumuuze pamene nkhani yaima ndi tsiku latsopano.

Ngati yankho lidzapitenso pa esemesi, lifupikitseni. Esemesi imodzi imatenga zilembo 160, ikapitirira imagawika m'zidutswa za 153. Koma mukangoikamo ŵ kapena kachithunzi kakumwetulira, malire amatsika kufika pa 70, ndiye meseji ya mizere itatu imasanduka zidutswa zitatu. Iyi ikukwana mu imodzi: "Pepani a Banda. K10,000 yanu ibwerera ku akaunti pofika Lachinayi 5 koloko madzulo. Thimitsani deta mpaka mutagula bandulo ina. Tikiti: 48213."

Nachisale_LL: Zikomo kwambiri nonse. Zozimitsa foni ndi zopita ku shopu ndazichotsa, poti sizibweza ndalama ndipo munthu angawononge ya minibasi pachabe. Funso lotsala: a Banda alemba kuti akapanda kuthandizidwa akadandaula ku MACRA. Ndiyankhepo kapena ndingodumpha?

Mayi Nyirenda: Musatsutse ndipo musawanyengerere kuti asapite. MACRA ndi bungwe loyang'anira makampani a mafoni, ndipo ndi ufulu wawo kukadandaula kumeneko. Ine ndingaike mzere umodzi kumapeto: "Mukapanda kukhutira ndi mmene tathetsera nkhaniyi, muli ndi ufulu wopita ku MACRA ndi nambala ya dandaulo yomweyi." Lembaninso mu tikiti kuti kasitomala watchula zimenezi, oyang'anira adziwe.

Gift K.: Apanso ndisiyana nanu mayi. Mu yankho loyamba, nkhani isanalephereke n'komwe, mzere umenewo umamveka ngati mukuti "pitani ngati mukufuna". Ine ndingausunge mpaka yankho la mayunitsi litatuluka, makamaka ngati a mabilu akana.

Che Mussa: Poti wayamba yekha kutchula, kungokhala chete kumaoneka ngati simunawerenge mpaka pansi. Koma a Gift ali ndi mfundo pa kamvekedwe. Aonetseni oyang'anira anu ziganizo zonse ziwiri, cha MACRA ndi cha "vuto silinali kwa inu", asankhe okha lero lomwe, yankho lisagone.