Thandizeni: ntchito ya mjigo ndilembe Pending, In progress kapena Blocked?

Membala wobisa dzina: Akuluakulu, ndithandizeni mutu waima. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina kuno ku Nsanje, ndimayang'anira zokonza mijigo. Lachisanu lililonse timadzaza fomu pa kompyuta, ntchito iliyonse umasankha `Pending`, `In progress`, `Blocked` kapena `Done`. Pali mjigo wina ku Makhanga umene sunakonzedwebe ndipo ndakhala ndikulemba `In progress`. Dzulo abwana aimba kuchokera ku Blantyre, akuti lipoti langa silikuwauza kanthu. Chonsecho njinga yamoto anandipatsa yakutha, alawansi ya mwezi watha sinabwere, mnzanga amene tinalowa limodzi anamusamutsira ku Nchalo kumene netiweki ndi yabwino, ine ndikupsa ndi dzuwa kuno. Kontirakiti ikutha Disembala. Kodi mawa ndisankhe chiyani kuti ndisaoneke waulesi?

Mjomba wa pa Ngabu: Achimwene, MUSALEMBE `Blocked`! Ine ndagwira m'mabungwe kuyambira kale. Mawu amenewo bwana akawaona amamva kuti mukuloza chala ofesi yake. Lembani `In progress` mpaka ntchito ithe, basi. Amene amakonda `Blocked` ndi amene sawaonjezera kontirakiti.

Nachisale: Mwatiuza za njinga, za alawansi, za mnzanu wa ku Nchalo, koma simunatiuze chimene chaimitsa mjigowo. Mwachitapo chiyani kale, ndipo panopa nkhani ili m'manja mwa ndani?

Kabaza Bangula: Vuto ndi dzuwa la ku Makhanga, ngakhale kompyuta imalemba zosokonekera kkkk

Mayi a Tadala: Ndinu a mijigo? Kwathu ku East Bank wathu ukutulutsa madzi amchere chiukumbireni, nyemba sizipsa. Munthu angakadandaule kuti?

Mjomba wa pa Ngabu: Mayi, zimenezo kauzeni komiti ya pamjigo, pano tikukamba za ntchito ya munthu. Ndikubwereza, `In progress`. Chaka cha Freddy, 2023, ine ndinalemba `Blocked` chifukwa msewu unaduka, pamsonkhano anandiimika ngati mwana wa sukulu kuti bwanji sunakwere bwato.

Membala wobisa dzina: Achemwali a Nachisale, ndinapita ndi makaniki, tinazula mjigo. Ndi wa mtundu wa Afridev. Tinapeza mapaipi awiri ong'ambika ndi marabala akutha. Ndinatenga makoteshoni atatu, ndinapereka pempho logulira zipangizo ku ofesi ya zachuma pa 3 Okutobala. Mpaka lero silinasainidwe. Amanena kuti zotere zimatenga masiku asanu a ntchito. Ntchito ya mjigowu ikuyenera kutha pa 31 Okutobala.

Nachisale: Eya, apa ndiye mwanena. Dzifunseni chinthu chimodzi: mawa m'mawa mukadzuka, chilipo chimene inuyo mungagwire kuti mjigowo usendere kutsogolo? Ngati chilipo ndipo mukuchichitadi, ndi `In progress`. Tsiku limene munkazula mapaipi ndi masiku amene munkayenda m'mashopu kufuna makoteshoni, munkalemba zoona. Koma kuyambira pa 3 palibe dzanja limene lakhudza ntchitoyo. Bwana akamawerenga `In progress` amaganiza kuti anthu ali pamalo ndi masipanala, iye alibe chochita, angodikira `Done`. Ndi chifukwa chake wakalipa.

Sabata yoyamba ija mukanatha kulemba `Pending`, chifukwa pepala linali pamzere wake ndipo masiku asanu anali asanakwane. Kudikira kwa mtundu umenewo n'koyembekezeka, palibe wofunika kudzutsidwa. Koma tsopano nthawi yawo yadutsa, inu simungagule kanthu popanda siginecha, ndipo tsiku la 31 layandikira. Imeneyo ndi `Blocked`: ntchito siisuntha mpaka munthu wina, osati inu, achitepo kanthu.

Mphunzitsi Chapananga: Ine ndimadziwa kuti `Pending` ndi ntchito imene sunaiyambe n'komwe. Ndiye iyi anaiyamba kale, singabwererenso kumeneko.

Nachisale: Aphunzitsi, m'maofesi ena ndi choncho ndithu, makamaka fomu ikakhala yopanda `Not started`. Kwina amaigwiritsa ntchito pa chilichonse chodikira chilolezo. Achimwenewa afunse abwana awo kamodzi kuti kwawoko amatanthauza chiti. Koma kaya atanthauze chiti, lero si `Pending`.

Mjomba wa pa Ngabu: Mukumuphetsa mwanayu! Wa zachuma yemweyo ndi amene wagwira alawansi yake. Akaona dzina lake mu lipoti, ndalama imeneyo aiiwale.

Nachisale: Amjomba, ndani wanena kuti alembe dzina la munthu kapena kuti wakuti ndi waulesi? Inu anakuimikani chifukwa munalemba liwu limodzi n'kukhala chete. `Blocked` yopanda chifukwa imaoneka ngati kuthawa ntchito, pamenepo ndikuvomera. Alembe motere m'bokosi la ndemanga:

“Mjigo wa ku Makhanga, `Blocked`. Tinauzula n'kupeza mapaipi awiri ndi marabala zofunika kusintha. Pempho logulira lili ku zachuma kuyambira pa 3 Okutobala, likudikira siginecha. Ndikupempha mundithandize kuti lisainidwe pofika pa 24. Zipangizo zikafika, makaniki amaliza tsiku limodzi. Likapitirira pa 24, tsiku la 31 sitilikwanitsa.”

Bwana akawerenga zimenezi akudziwa wakumuimbira foni ndi tsiku loti asalidutse. Ndipo musadikire Lachisanu, mutumizireni uthenga lero lomwe.

Mjomba wa pa Ngabu: Zolemba zokongola, koma mabwana ake ati amene amawerenga ndemanga? Amangoona mtundu, chofiira kapena chobiriwira.

Gogo Fatima: Ana inu mukukangana za mawu, amayi kumeneko akutunga mu Ruo muli ng'ona. Mvula ikayamba, mapaipi anuwo adzawolokera pa Mtayamoyo pa bwato, mtengo wake wina.

Wa Sitolo Nchalo: Ine ndili kosungira katundu. Chimene chimatipweteka ife ndi mzere umodzi wonyamula ntchito zinayi. “Kukonza mjigo” muli kuyendera, kugula, kunyamula, kumanga. Gawani. Kuyendera `Done`, kugula `Blocked`, kunyamula ndi kumanga `Pending` poti zikudikira kugula. Ngati mukuphunzitsa komiti kasungidwe ka ndalama za pamjigo sabata ino, imeneyo payokha `In progress`. Ulesi umene mukuopawo suoneka, aliyense aona pamene pamangika. Komanso onani makoteshoni anu, ambiri amalemba kuti mtengo ugwira masiku 14 kapena 30 okha. Akatha mphamvu, a zachuma akubwezerani pepala kuti mukatenge ena.

Membala wobisa dzina: Ndayang'ana. Awiri analemba masiku 14, atha kale.

Wa Sitolo Nchalo: Ndiye mawa muli nacho chogwira, thamangani mukatenge atsopano asanakuuzeni.

Mphunzitsi Chapananga: Ndiye ngati mawa akuthamangira makoteshoni, si `In progress` imeneyo? A Nachisale munati chikakhalapo chogwira.

Nachisale: Kutenga makoteshoni atsopano inde, aikepo mzere wake. Koma kugula kukadali `Blocked`, chifukwa angabwere nawo mawa siginecha n'kukhala palibebe.

Mjomba wa pa Ngabu: Kapena siginecha ikuchedwa chifukwa cha makoteshoni akuthawo, ndiye wadzitsekera yekha. Muona. Disembala mudzatiuze.

Mayi a Tadala: Nanga za madzi amchere zija palibe andiyankhe?