Chotupa cha m'mphechepeche chofufuma bambo akatsokomola: heniya kapena tchende?

Wachipatala wongoyamba: Akuluakulu, thandizeni. Bambo wa zaka 46 ali ndi chotupa kumanja m'mphechepeche, chatsikira m'thumba la machende. Patha miyezi 5, sichipweteka kwenikweni, koma akatsokomola chikufufuma. Ndilembe chiyani?

Namwino: Walitsani tochi pa chotupacho m'chipinda cha mdima. Kuwala kukadutsa ndi madzi ozungulira tchende, kukapanda kudutsa ndi heniya basi, matumbo otsikira m'thumba kuchokera m'mimba.

Dotolo wa opaleshoni: Asisita, tochi imathandiza koma payokha imanamiza. Chotupa cha khansa ya tchende nachonso sichidutsa kuwala, ngakhale madzi amene akhalitsa mpaka thumba lake kukhuthala.

Achimwene, bamboyo muwayeze ataimirira kaye. Gwirani kumtunda kwa thumba ndi chala chachikulu ndi cholozera, mufune mtsempha wotsika ku tchende. Zala zikakumana pamwamba pa chotupacho, n'kumva mtsempha wokhawokha, vuto lili m'thumba momwemo. Zikalephera kukumana chifukwa chotupacho chikupitirira mpaka m'mphechepeche, ndiye kuti chachokera m'mimba. Dzanja lili pomwepo, atembenukire kumbali atsokomole. Heniya imakankha zala n'kukula mbali zonse, si kungogwedezeka ayi. Kenako agone chagada, ndipo muwapemphe achibwezere okha, poti ambiri amadziwa kale kabwezedwe kake. Chikalowa n'kulira kuti gudugudu, amenewo ndi matumbo. Pomaliza pezani machende onse awiri, lililonse palokha. Thumba likakhala lopanda tchende mbali imodzi, chotupa cha m'mphechepechecho chikhoza kukhala tchende losatsika.

Wa ku wodi ya abambo: Kufufuma potsokomola si heniya yokha. Mitsempha ya magazi yotupa pamwamba pa tchende imateronso, ndipo imaphwa munthu akagona. Kungoti imakonda kumanzere, ndipo poigwira imamveka ngati nyongolotsi zambiri zili m'thumba.

Wa ngozi zadzidzidzi: Musamusunge ameneyo! Tchende likapotokola pali maola 6 okha.

Dotolo wa opaleshoni: Zoona kwa mnyamata womva ululu woopsa mwadzidzidzi, koma awa atha miyezi 5 opanda ululu. Chimene ndikuopa ine ndi tsiku limene chotupachi chidzaleke kufufuma potsokomola. Chikalimba, n'kumapweteka, osabwerera, bamboyo akusanza ndipo sakutulutsa mpweya kapena chimbudzi, ndiye kuti matumbo apanidwa ndipo magazi sakufikako. Pamenepo musachikankhe mwamphamvu, mungabwezere m'mimba matumbo akufa. Asadye kapena kumwa, aikeni diripi, atumizeni ku opaleshoni msangamsanga. Ndipo chonde, singano isalowe pa chotupa chimene simunachitsimikize.

Wachipatala wongoyamba: Ndayezanso. Zala sizikukumana pamwamba, chikubwerera akagona, machende onse awiri ali bwino. Amatsokomola pafupipafupi, komanso amachita kukakamiza pokodza.

Dotolo wa opaleshoni: Heniya imeneyo, awalembere tsiku la opaleshoni. Chifuwacho ndi vuto la mkodzolo zifufuzidwe lisanafike tsikulo, chifukwa ndi zimene zimakankha posokedwapo. Kujambula ndi sikani sikofunika apa.

Wa ku wodi ya abambo: Ine ndikanajambulabe, adokotala. Heniya ndi madzi a pa tchende nthawi zina zimapezeka mbali imodzi, ndipo madzi ochepa dzanja limawaphonya.