Nkhani ya wotchi ya agogo ija ndaimaliza

Funso langa linali ili: "Ndikulemba nkhani yaifupi ya wotchi yapamkono imene agogo anasiya, koma mkangano wa abale ukungomveka ngati phokoso lopanda mutu. Ndiukonze bwanji?"

Zikomo nonse amene munayankha. Ndinatsata malangizo a mayi aja amene anati aliyense wolimbirana wotchiyo akhale ndi chifukwa chomveka, pasakhale wadyera chabe. Tsopano mwana wamkazi wa agogo akuti katundu wa mayi amatsata ana aakazi, monga kwawo ku Dedza. Mlamu wake, Mtumbuka wa ku Ekwendeni, akuti zinthu zimakhala kuchimuna, komanso ndiye anasamala agogowo ku Chibavi mpaka tsiku lomaliza. Otsutsana ndinawachepetsa, anali asanu, atsala awiriwa.

Amene munati ndikaone wotchi yeniyeni, munandithandiza kwambiri. Ndinapita kwa bambo wina wokonza mawotchi mumsika waukulu wa Mzuzu. Anandionetsa yakale yopanda batire, yochita kupukusa kakonono kapambali, nati ikapanda kupukusidwa imaima pasanathe masiku awiri. Pomwepo mathero ndinawapeza! Akuluakulu ali mkati mokangana, wotchi yaima mu kabati, ndipo kamdzukulu kamene kankaona agogo akuipukusa m'mawa uliwonse ndiko kokha kakudziwa chochita.

Zoti ndiwonjezere kalata ya agogo yogawa chuma ndinazikana, inkathetsa mlandu msanga. Wina akamalemba zotere, ayang'anenso lamba: bowo limene linakula ndi kutha limasonyeza kuonda kwa dzanja la mwiniwake. Mu nkhani yanga, pa dzanja la mwana wamkazi uja lambayo sakufika n'komwe.