Ndalama zochokera ku Dubai zaima panjira, ndipemphe chiyani ku banki?

Abale, ndithandizeni nzeru. Mlongo wanga ali ku Dubai ndipo ananditumizira madola 1,500 kudzera ku banki kuti ndimalizire nyumba ya amayi kuno ku Luchenza. Lero ndi tsiku la 12 ndalamazo zisanalowe. Mmisiri wa denga watopa nane.

Ku banki yanga akuti sanalandire kalikonse, pamene ya uko ikuti ndalama zinachoka kalekale. Mkulu wina wa pakauntala anandifotokozera kuti madola sadumpha kuchoka ku Dubai kufika ku Malawi. Amadzera kaye ku banki ina yapakati, kawirikawiri ya ku New York, ndipo kumeneko akhoza kuwagwira ngati dzina kapena nambala ya akaunti yawakayikitsa. Apa mtima unandigunda, chifukwa mlongo wangayo analemba dzina langa la kwathu, pamene akaunti ili m'dzina la kubanja.

Mkuluyo anati wotumiza apemphe chikalata cha MT103, chomwe ndi umboni wa banki kuti ndalama zatumizidwa, pomwe pamakhala nambala ya UETR ya zilembo 36. Akuti banki ikailowetsa mu SWIFT gpi, njira yomwe mabanki amalondolera ndalama zotumizidwa kunja, imaona banki iliyonse yomwe ndalama zadutsa, nthawi yake, zomwe anadula, ndi pomwe zaima. Koma mlongo wanga anangopatsidwa risiti wamba, yopanda nambalayo.

Ndiye inu munakumanapo nazo, UETR ikapezeka, ndingapite nayo ndekha ku banki yanga, kapena wofufuza ndi wotumiza yekha? Nanga ngati vuto ndi dzinalo, amangolikonza zili panjira, kapena zimabwerera ku Dubai atazidulanso?