Funso: SUMPRODUCT ikugwetsa ana amene sanalembe mayeso onse

Akuluakulu, ndithandizeni pa Excel. Mayeso athu salemera mofanana: ntchito ya m'kalasi 20, mayeso apakati pa teremu 30, omaliza 50. Manambalawa ali mu B1:D1, malikisi a ana kuyambira B2:D2 kutsika.

```
=SUMPRODUCT(B2:D2,$B$1:$D$1)/SUM($B$1:$D$1)
```

Mwana wopeza 70, 60 ndi 80 akutuluka ndi 72, zomwe zili bwino.

Vuto ndi wina amene anadwala nthawi ya mayeso apakati, C3 ndi yopanda kanthu. Ali ndi 70 ndi 80, koma fomula ikuwerenga bokosi lopanda kanthulo ngati ziro n'kugawabe ndi 100, ndiye akupeza 54. Ine ndikufuna igawe ndi 70, kulemera kwa mayeso amene analembadi, apeze 77.1.

Ndaganiza zosintha chogawira kukhala ichi:

```
SUMPRODUCT(--ISNUMBER(B3:D3),$B$1:$D$1)
```

Koma zikatero wojomba dala nayenso apindula, pokhapokha nditamulembera 0 pamanja. Inu mumawasiyanitsa bwanji awiriwa? Nanga amene sanalembe chilichonse, #DIV/0! ndingoibisa ndi IFERROR, kapena ibisanso zolakwika zenizeni?